Kufufuza zilembo zazikulu pa mawu otanthauziridwa mu mgwirizano musanasaine

Azakhali anga ali ndi poloti ku Chinamwali, m'mphepete mwa msewu wopita ku Liwonde. Kutsogolo kuli shopu ndi kachipinda kosungiramo katundu, kumbuyo kuli nyumba imene amagonamo, ndipo zonsezi zazunguliridwa ndi mpanda wa njerwa. Atapeza munthu wofuna kuchita lendi shopuyo, anakalembetsa mgwirizano wa masamba 9 m'Chichewa kwa munthu wina m'tauni, kenaka anandibweretsera fayilo yake pa fulashi. Anati, "Iwe unazolowera kutayipa za maloya, taona ngati mulibe zolakwika tisanasaine Loweruka." Ndigwiritsa ntchito mgwirizano umenewu posonyeza mmene ntchitoyi imayendera, ndipo mawu amene anandivuta kwambiri anali a zilembo zinayi zokha: Malo.

Ndime yoyamba ya mgwirizanowo inati “Malo” akutanthauza shopu ndi kachipinda kosungiramo katundu basi, pomwe “Poloti” ikutanthauza zonse za mkati mwa mpanda pamodzi ndi mpandawo. Wolemba akatero ndiye kuti wawapatsa mawuwo ntchito yatsopano, ndipo chilembo chachikulu ndicho chizindikiro chake. Mukaona Malo, ganizani shopu. Mukaona malo, ganizani malo alionse monga timayankhulira tsiku ndi tsiku. Vuto limabwera wolemba akaiwala kudina batani la `Shift` pa ndime ina, chifukwa wowerenga sangadziwe ngati chilembo chaching'onocho chinaikidwa dala kapena chala chinangoterereka.

Pangani kope, ndipo lembani mndandanda

Musafufuzire pa fayilo yeniyeniyo. Isungeni kawiri, ndipo pa kope lofufuzira pitani pa `Review`, kenaka `Accept`, n'kusankha `Accept All Changes`. Mgwirizano ukakhala kuti wadutsa m'manja mwa anthu angapo, mawu amene anafufutidwa amakhala akuonekabe ndi mzere wofiira, ndipo kompyuta ikhoza kuwawerengera pamodzi ndi enieniwo, manambala anu n'kusokonekera.

Tsopano mukufuna mndandanda wa mawu onse amene mgwirizano wawatanthauzira. Ambiri amangokopera ndime ya matanthauzo n'kuganiza kuti atha. Koma mawu ena amatanthauziridwa m'njira, pakati pa chiganizo, m'mikutiro ndi m'mitengero. Mayina a mbali ziwirizo amakhala pamwamba penipeni, ndime ya matanthauzo isanafike, ndipo ena amabisala kumapeto pa masamba owonjezera. Kuti muwagwire onse mu Word, dinani `Ctrl+H`, sankhani `Find` pamwamba pa bokosilo, dinani `More >>`, chongani `Use wildcards`, kenaka lembani izi:

```
“[A-Z]*”
```

Izi zikuuza kompyuta kuti ipeze chilichonse chimene chili m'mitengero ndipo chayamba ndi chilembo chachikulu. Mitengero musaitayipe pa kiyibodi, ikopereni kuchokera mu mgwirizano momwemo, popeza ya mu mgwirizano imakhala yopindika pomwe yotayipa m'bokosimo imatuluka yowongoka, ndipo pa kafufuzidwe aka kompyuta imaziona ngati zinthu zosiyana. Mukadina `Find In` n'kusankha `Main Document`, zonse zimasankhidwa nthawi imodzi. Dinani pamutu pa fayilo kuti mutuluke m'bokosi, kenaka `Ctrl+C`, n'kuzimata pa tsamba latsopano.

Mwa azakhali munatuluka mawu 6: Mwinimalo, Wobwereka, Malo, Poloti, Lendi ndi Tsiku Loyambira. Ndinawalemba papepala ndi cholembera, chilembo ndi chilembo monga alili pamene anatanthauziridwa, chifukwa pamenepo ndi pamene pali muyezo. Ngati tanthauzo likuti Tsiku Loyambira, ndiye kuti T ndi L onse ndi aakulu, ndipo ndime iliyonse iyenera kutsatira zomwezo ngakhale inu mukanakonda kalembedwe kena.

Werengani katatu, manambala agwirizane

Chotsani chizindikiro pa `Use wildcards`. Lembani `malo` m'bokosi, osachonga china chilichonse, kenaka dinani `Reading Highlight` n'kusankha `Highlight All`. Word imapaka utoto paliponse pamene yapeza mawuwo, ndipo imakuuzani kuti yapeza angati. Ine inandipatsa 58. Lembani nambalayo.

Kenaka chongani `Match case`, chimene chimachititsa kuti kompyuta isiyanitse zilembo zazikulu ndi zazing'ono, ndipo fufuzani katatu. Ndinapeza `Malo` 23, `malo` 33, `MALO` 2. Mukawonkhetsa zikukwana 58 ndendende. Kuwonkhetsaku musakudumphe. Manambala akapanda kugwirizana ndiye kuti penapake pali kalembedwe kachinayi kamene simunakaganizire, monga `MAlo`, kamene kamabwera munthu akachedwa kuchotsa chala pa `Shift`.

Apa ndiime pang'ono pa kabokosi kena kamene kali pansi pa `Match case`, kolembedwa `Find whole words only`. Kamakopa, chifukwa mukakachonga nambala imatsika kwambiri ndipo ntchito imaoneka yochepa. Pa mgwirizano wa Chichewa musakachonge. Chiyankhulo chathu chimamata tizidutswa kutsogolo ndi kumbuyo kwa dzina: pamalo, kumalo, malowo, malowa, pamalopo. Kabokosi kameneka kamadumpha zonsezi, ndipo zolakwika zimakonda kukhala momwemo. Munthu sangaiwale msanga chilembo chachikulu polemba "Malo adzaperekedwa", koma chala chikazolowera kulemba "pamalo" ngati liwu limodzi, M wamkulu amasowa osazindikira. Ndi bwino kulimbana ndi zinyalala zambiri kusiyana ndi kusefa ndi sefa ya mabowo aakulu.

Zinyalalazo zinalipodi. Pa 33 aja a zilembo zazing'ono, 17 anali mkati mwa dzina lakuti Mwinimalo, 6 anali "malonda", 2 anali "maloko" pa ndime yonena za makiyi, ndipo 3 anali "m'malo mwa". Akanatchulamo maloya, nawonso akanalowa mu ukonde womwewo. Zonsezi ndinazidutsa ndi maso m'mphindi zochepa, poti utoto wachikasu umaonetsa msanga kuti liwu lapitirira. Anatsala 5, ndipo ntchito yeniyeni inali pa asanu amenewa.

Pachifukwa chomwechi, batani la `Replace All` musaliyandikire n'komwe. Mukalidina mudzakhala ndi mgwirizano wonena za MwiniMalo wochita Malonda amene wasintha Maloko m'Malo mwa kukonza chitseko.

Funso limodzi pa liwu lililonse

Pa liwu lililonse lotsalalo, chotsani liwulo m'maganizo n'kuikapo tanthauzo lake lonse, kenaka werengani chiganizocho mokweza. Kwa ife, paliponse pamene panali "malo" ndinkawerenga kuti "shopu ndi kachipinda kosungiramo katundu".

Atatu anali osavuta. Ndime ina inati Wobwereka sadzagulitsa mowa pamalo, ina inati Mwinimalo akhoza kulowa kumalo atapereka chidziwitso cha masiku 2, ina inati malowo adzabwezedwa ali osesedwa. Ponseponse tanthauzo la shopu linakhala bwino lomwe, ndipo panalibe china chimene wolemba akanatanthauza. Ndinakonza kukhala "pa Malo", "ku Malo" ndi "Malowo". Ndinalekanitsa pa ndi ku monga timachitira ndi mayina, mmene timalembera kuti ku Zomba kapena pa Thondwe, popeza liwu lotanthauziridwa limagwira ntchito ngati dzina. Ena amalemba "paMalo" mophatikiza. Sankhani kalembedwe kamodzi n'kukatsatira mpaka tsamba lomaliza.

Wachinayi anali wolondola momwe analili. Chiganizo chinati Wobwereka azikataya zinyalala ku malo amene khonsolo inakhazikitsa. Mukaikapo "shopu" apa, ndiye kuti mwauza munthu kuti azitaya zinyalala m'shopu. Chilembo chaching'ono chinayenera kukhala. Komabe ndinasintha chiganizocho kuti chinene "kumene khonsolo inakhazikitsa kuti kuzitayidwa zinyalala", kuti liwuli lisaonekenso mu mgwirizano ndi tanthauzo lachiwiri. Ukatanthauzira liwu, ndi nzeru kulisiya ligwire ntchito imodzi yokhayo, zina zonse n'kuzipezera mawu ena.

Wachisanu ndiye anandikhazika pansi. Ndime 7 inati: "Wobwereka adzasamalira malo onse ndi kukonza chilichonse chimene chawonongeka ndi ndalama zake." Ndikaikapo "shopu ndi kachipinda", chiganizo chikumveka. Ndikaikapo "poloti yonse", chikumvekanso, ndipo liwu lakuti "onse" likukokera komweko. Kusiyana kwa matanthauzo awiriwa ndi mpanda wa njerwa wautali ndithu, m'tauni imene mvula ya Januwale ikatsika m'phiri mipanda imagwa ngati masewera.

Pofika apa wofufuza zilembo sayenera kusankha yekha. Ndikanaika M wamkulu, ndikanachotsera Wobwereka udindo wa mpanda popanda azakhali kudziwa. Ndikanalemba Poloti, ndikanamusenzetsa katundu amene mwina sanavomere. Ndinaika chizindikiro pa ndimeyo kuti ndikafunse eni ake, n'kupitiriza ndi zotsala.

Mwina mungafunse ngati khoti lingalabadire kachilembo kamodzi. Malamulo athu a mapangano anachokera ku Mangalande, amene anayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 1902, ndipo mwa malamulo amenewa woweruza amawerenga mgwirizano wonse kuti apeze chimene munthu wanzeru zake angamve kuti mbali ziwirizo zinkatanthauza. Chilembo cholakwika sichipha mgwirizano, ndipo pamene zikuonekeratu kuti ndi chala chinaterereka, monga pa atatu oyamba aja, palibe amene angapite nazo patali. Koma pamene matanthauzo onse awiri akumveka, mwapatsa loya wa mbali inayo pogwira: adzati wolemba ankadziwa kulemba Malo, analemba choncho maulendo oposa 20, ndiye apa analemba malo chifukwa ankanena china. Palinso lamulo lakuti mawu osamveka bwino akhoza kutanthauziridwa motsutsana ndi amene anawalemba, ndipo pano amene analembetsa anali azakhali.

Zilembo zazikulu nazonso muzione

Musaganize kuti 23 aja a M wamkulu onse ndi abwino. Mmodzi anali "Malonda" koyambirira kwa chiganizo, ameneyo alibe mlandu. Oyenera kuwayang'anitsitsa ndi amene ali koyambirira kwa chiganizo kapena kwa kandime, chifukwa pamenepo liwu lililonse limayamba ndi chilembo chachikulu ndipo chizindikiro chathu chimasiya kugwira ntchito. Ndime 11 inayamba motere: "Malo oimikapo galimoto adzagwiritsidwa ntchito ndi mbali zonse ziwiri." Galimoto siima m'shopu. Liwulo linali malo wamba amene avala chipewa cha eni ake chifukwa chokhala kutsogolo. Mankhwala ake ndi kutembenuza chiganizo, ndipo ndinalemba kuti "Mbali zonse ziwiri zidzaimika galimoto pabwalo la kutsogolo kwa shopu."

Word nayo imathandizira vutoli, poti imakuza yokha chilembo chotsatira mpumiro komanso choyamba pa mzere watsopano. Pa mindandanda ya (a), (b), (c) yang'anani bwino liwu loyamba la mzere uliwonse.

`MALO` awiri aja anali m'mitu ya ndime, imene yonse inalembedwa ndi zilembo zazikulu, ndiye ndinawasiya. Dziwani chabe kuti mutu ukhoza kuoneka wa zilembo zazikulu pomwe pansi pake unatayipidwa ndi zazing'ono, ngati wolemba anachonga `All caps` m'bokosi limene limatseguka ndi `Ctrl+D`. Kompyuta imafufuza zimene zinatayipidwa, osati zimene maso akuona. Mukaona utoto wagwera pa mutu wa zilembo zazikulu pomwe mukufufuza zazing'ono, chifukwa chake n'chimenecho, ndipo palibe choti mukonze.

Mawu a zigawo ziwiri

Tsiku Loyambira amafuna njira yakeyake. Mukafufuza mawu onse awiri pamodzi, mudzaphonya pamene wolemba anaika mipata iwiri pakati. Fufuzani liwu lachiwiri lokha, limene silipezeka kawirikawiri. Ndipo poti ife Amalawi l ndi r timawasinthanitsa osamva kanthu, chonganinso `Use wildcards` n'kulemba:

```
[Ll]oyambi[lr]a
```

Ndinapeza 7. Anayi anali bwino, awiri anali "Tsiku loyambira", T wamkulu koma l wamng'ono, ndipo mmodzi anali "Tsiku Loyambila". Wotsirizayu akanandidutsa ndikanangofufuza kalembedwe kolondola. Chitaninso chimodzimodzi ndi Wobwereka, amene amasanduka Wobweleka kapena Obwereka, komanso amapatsidwa ulemu n'kukhala "a Wobwereka" pa ndime zina. Lendi ndi Poloti sanavute, ndinangokweza zilembo pawiri.

Ngati mgwirizano wanu uli m'Chingerezi, monga ilili yambiri ya kwa maloya ndi kumabanki, njira ndi yomweyi. Zinyalala zake ndi zina chabe: mukafufuza `term` mudzakolanso `terminate` ndi `determine`, ndipo `rent` amabisala mu `current` ndi `different`. Kumeneko `Find whole words only` amathandizako, bola mukumbukire kufufuza padera kalembedwe kochulukitsa kokhala ndi `s` kumapeto.

Tembenuzani kafufuzidwe

Mpaka pano tachokera pa mndandanda kupita mu mgwirizano. Chatsala ndi kuchokera mu mgwirizano kubwerera pa mndandanda, kuti tigwire mawu ovala chilembo chachikulu amene palibe anawatanthauzira. `Use wildcards` ali chichongere, lembani:

```
[a-z,] [A-Z][a-z]@>
```

Izi zimapeza liwu lililonse loyamba ndi chilembo chachikulu limene latsatira chilembo chaching'ono kapena mpatuliro, kutanthauza kuti lili pakati pa chiganizo. Pakani utoto n'kuyenda tsamba ndi tsamba pepala lanu lili pambali. Mayina a anthu, a miyezi, Zomba ndi Chinamwali adutseni. China chilichonse chiyenera kupezeka pa mndandanda.

Chikole sanapezekepo. Analembedwa ndi C wamkulu pa ndime zitatu, zonena za kulipira, kudula ndi kubweza, koma palibe pamene pananenedwa kuti Chikole ndi ndalama zingati. Zotere zimachitika wolemba akatenga ndime kuchokera mu mgwirizano wina wakale n'kuiwala kutenganso tanthauzo lake. Kutsitsa chilembo sikukanathandiza, chinkafunika ndi tanthauzo, ndiye ili linakhala funso langa lachiwiri. Pa ulendo womwewu ndinapezanso "Landilodi" kamodzi pa ndime 9, pomwe mgwirizano wonse ukuti Mwinimalo. Munthu ndi yemweyo, ndipo tonse timati alandilodi tikamacheza, koma papepala ayenera kukhala ndi dzina limodzi.

`Main Document` safika m'mizere ya pamwamba ndi pansi pa tsamba kapena m'timabokosi ta mawu. Ngati zilipo, `Find In` imazionetsa padera, ndipo muzifufuze pazokha. Masamba owonjezera akakhala mu fayilo ina, atseguleninso. Ngati mwangopatsidwa pepala losindikiza kale kapena chithunzi cha pa foni, tengani lula ndi zolembera za mitundu, liwu lililonse mtundu wake, ndipo muwerenge mgwirizano wonse kamodzi pa liwu limodzi. Kufuna kugwira mawu 6 pa ulendo umodzi ndiye kuphonya theka.

Kukonza ndi kufunsa

Zokonza zonse zilowetseni mu fayilo yeniyeni ija, mutayatsa `Track Changes` kuti mbali inayo ione chimene chasintha. Kusintha chilembo pa liwu lotanthauziridwa kukhoza kusintha udindo wa munthu, choncho sikochita mobisa. Konzani limodzilimodzi ndi dzanja. Mukamaliza bwerezani kuwerenga kuja pa kope loyera. Kwa ife `malo` anayenera kutsika kuchoka pa 33 ndi chiwerengero cha amene ndinawakweza ndi amene ndinawachotsa, kenaka n'kukwera ndi mmodzi wa Landilodi amene anasanduka Mwinimalo. Nambala ikasemphana ndi zimene mwalemba papepala, pali pena pamene mwadumpha kapena mwakonza kawiri. Mgwirizano ukakhala kuti unasainidwa kale, musaukhudze nokha. Mbali zonse ziwiri zisaine pambali pa chokonzedwacho, kapena zilembe kapepala kowonjezera konena chimene zagwirizana.

Lachisanu madzulo tinakhala pakhonde, azakhali, mwini malonda uja ndi ine. Za Chikole sizinatenge nthawi, onse ananena kuti ndi Lendi ya miyezi 2, ndipo ndinalemba tanthauzolo pompo. Nditawerenga ndime 7, azakhali anayankha msanga: "Malo onse ndi malo onse, mwanawe. Mpanda ukuteteza katundu wa ndani usiku?" Bamboyo anaseka mwaulemu. "Mayi, ine ndabwereka shopu. Mpanda wa kuseri kwa nyumba yanu sindinauonepo n'komwe." Onse awiri anali atawerenga ndimeyo kale, ndipo aliyense anali wokonzeka kusaina mawa lake.

Anakambirana mpaka tiyi anazizira. Ndime 7 inagawidwa pawiri. Yoyamba ikuti Wobwereka adzasamalira Malo ndi kukonza chilichonse chowonongeka mmenemo ndi ndalama zake. Yachiwiri ikuti mpanda wa Poloti ndi udindo wa Mwinimalo, kupatula geti la kutsogolo, limene mbali ziwirizi zidzagawana mtengo wolikonzera pakati ndi pakati. Ndinalowetsa zimenezi, ndinafufuzanso `malo` ndi `poloti` komaliza, ndipo Loweruka m'mawa ndinakasindikiza makope atatu.